Kukopera Kosadziwa: Pamene Gwero Lasowa M'chiganizo

APA ndi Harvard ndi njira ziwiri zosonyezera kumene wolemba watenga mfundo. Zonse ziwiri zimatchula gwero kawiri. Koyamba ndi m'chiganizo momwemo, pomwe pamalembedwa dzina la bambo la mlembi ndi chaka chimene buku linasindikizidwa. Kachiwiri ndi kumapeto kwa nkhani, pamndandanda umene umafotokoza bukulo mokwanira. APA ndi ya bungwe la American Psychological Association, ndipo buku lake la malamulo lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019. Harvard ilibe buku limodzi lotero, choncho yunivesite iliyonse ili ndi kalembedwe kake.

Wophunzira amene akulemba za kuwukira kwa John Chilembwe angagwiritse ntchito buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la 1958. M'chiganizo angalitchule chonchi, mzere woyamba mwa APA, wachiwiri mwa Harvard:

```
(Shepperson & Price, 1958)
(Shepperson and Price, 1958)
```

Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo kulakwitsa kachizindikiro si kuba. Vuto lenileni limabwera pamene mayinawo asowa m'chiganizo.

Kawirikawiri zimayambira m'kope. Wophunzirayo ali mulaibulale amakopera ndime yonena za nkhanza zimene antchito ankakumana nazo paesiteti ya ku Magomero, osaika zizindikiro za mawu ogwidwa kapena nambala ya tsamba. Pakatha milungu itatu, ndimeyo imaoneka ngati yake chifukwa ili m'zolemba za dzanja lake. Amasintha mawu awiri atatu, n'kuilowetsa m'nkhani. Bukulo amalilembadi pamndandanda wa kumapeto, mtima wake uli m'malo. Koma mndandanda umangonena kuti buku linawerengedwa. Sunena kuti chiganizo chiti ndi cha ndani. Mphunzitsi wochonga amaona ganizo la eni ake litavala dzina la wophunzira, ndipo mayunivesite ambiri amati uku n'kukopera, ngakhale wolembayo sanachite dala.

Kufotokoza m'mawu ena sikuchotsa ngongoleyi, pakuti ganizolo likadali la mwini wake. Mawu ogwidwa ndendende amafunanso zizindikiro zawo ndi nambala ya tsamba. Zodziwika kwa onse, monga zoti kuwukirako kunachitika mu Januwale 1915, sizifuna gwero. Koma kufotokoza chimene chinayambitsa kumafuna gwero, chifukwa ndi ntchito ya munthu amene anafufuza.

Pulogalamu ya Turnitin imagwira mawu ofanana, koma ganizo lobwerekedwa limene lalembedwa mwatsopano ikhoza kuliphonya. Njira yodalirika ndi yapamanja: kutenga dzina lililonse la pamndandanda n'kulifunafuna m'nkhanimo. Dzina limene silikupezeka m'chiganizo chilichonse limasonyeza kuti penapake pali ndime yotaya mwini wake, ndipo wolemba ayenera kubwerera kubukulo kukaipeza pamodzi ndi tsamba lake.