Musanatumize ndalama za sola, werengani manambala ang'onoang'ono a pa sitika

Masiku ano zipangizo zambiri za sola zimagulidwa munthu asanazikhudze n'komwe. M'bale amene ali ku Joni amajambula katundu m'sitolo n'kutumiza zithunzi pa WhatsApp, kapena wogulitsa wa ku Limbe amatumizira munthu amene ali ku Mzimba, ndipo funso limakhala limodzi: kodi zimenezi zikwanira pakhomo panga? Ambirife maso amathamangira pa nambala yaikulu yolembedwa pa katoni, 550W kapena 3000W, n'kuvomera. Koma nambala imeneyo imanena zochepa kwambiri. Zimene zimauza munthu ngati panelo, inveta ndi batire zidzamvana zili pa kasitika kakang'ono kakumbuyo kapena ka m'mbali, ndipo masitika atatuwo ayenera kuwerengedwa pamodzi.

Choyamba ndi chithunzicho. Pemphani kuti sitika ijambulidwe yonse, molunjika, popanda kuwala kwa foni komwe kumafufuta manambala. Chithunzi cha katoni sichikwanira, chifukwa katoni ndi katundu wa m'kati nthawi zina sizikhala pachibale. Pa sitika yeniyeni pamakhala dzina la kampani, mzere wolembedwa Model, komanso nambala ya chipangizo chimenecho chokha, imene imayamba ndi S/N. Mukalemba nambala ya Model pa intaneti, muyenera kupeza pepala la kampaniyo lofotokoza chipangizocho, ndipo manambala ake azifanana ndi a pa chithunzi. Ngati dzinalo silikupezeka paliponse, kapena lasiyana chilembo chimodzi ndi dzina lotchuka, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.

Tiyerekeze banja lina la ku Dedza limene latumiziridwa zithunzi zitatu: mapanelo awiri, inveta imodzi ndi mabatire awiri. Sitika ya panelo ikuoneka chonchi:

```
Pmax  550 W
Vmp   41.9 V
Imp   13.1 A
Voc   49.8 V
Isc   14.0 A
2278 x 1134 x 35 mm
```

Pmax ndi mphamvu yonse imene panelo ingatulutse itayesedwa ku fakitale, pa kuwala kwa mawatsi 1,000 pa sikweya mita imodzi, paneloyo ili pa madigiri 25. Padenga la malata mu Okutobala panelo imatentha kuposa pamenepo, choncho 550 simudzaiona kawirikawiri. Vmp ndi Imp ndi mavoti ndi maampeya pamene panelo ikugwira ntchito, ndipo mukachulukitsa ziwirizi ziyenera kubala Pmax. Apa 41.9 kuchulukitsa ndi 13.1 ikupereka 549, kutanthauza kuti sitikayi ikudzigwirizana yokha. Masitika abodza ambiri amagwa pa samu yophweka yomweyi, chifukwa wosindikiza amakweza nambala yaikulu n'kuiwala zing'onozing'onozo.

Ena ndi ochenjera, manambala onse amawakonza bwinobwino. Amenewo amagwidwa ndi tepi yoyezera. Panelo yabwino ya masiku ano imatulutsa mawatsi pafupifupi 200 mpaka 230 pa sikweya mita iliyonse. Ya mu chitsanzo chathuyi ndi masikweya mita 2.58, ndiye 550 ikumveka. Koma panelo yotalika mita imodzi, m'lifupi masentimita 67, yolembedwa 300W, ikunama poyera: kukula kwakeko kungangopereka mawatsi cha m'ma 150, kaya dzuwa likhale la ku Nsanje. N'chifukwa chake ndi bwino kupemphanso chithunzi cha panelo yonse tepi itatambasulidwa pamwamba pake.

Tsono tione zimene banjali likufuna. Ali ndi firiji imene imadya pafupifupi mayuniti 1 patsiku, yuniti yomwe ija timagula kwa ESCOM, imene ndi mawatsi 1,000 kwa ola limodzi. Wailesi ya kanema ya mawatsi 60 kwa maola asanu ndi 300, mababu asanu ndi limodzi a mawatsi 9 kwa maola asanu ndi 270, fani ya mawatsi 50 kwa maola asanu ndi limodzi ndi 300, ndipo mafoni ndi dikoda tiziike pa 150. Zonse pamodzi ndi mayuniti awiri. Pali mlendo wina amene salembedwa pa sitika: inveta yokhayo imadya magetsi ikangoyatsidwa, ngakhale m'nyumba muli mdima. Zambiri za msinkhu umenewu zimadya mawatsi 30 mpaka 50, ndiye pa maola 24 zatenga pafupifupi yuniti ina yathunthu. Nambala yeniyeni imapezeka pa pepala la kampani lija. Banjali likufuna mayuniti atatu patsiku, osati awiri.

Mapanelo awiri aja ndi mawatsi 1,100. Kuno kwathu timawerengera maola pafupifupi asanu a dzuwa lamphamvu patsiku, kenako n'kuchotsapo magawo atatu pa khumi chifukwa cha kutentha, fumbi, mawaya ndi zotayika potchaja. Zikutsala mayuniti pafupifupi 3.8. Zikukwana, ngakhale masiku a chiperoni kapena mvula ya mvumbi adzafunika kudziletsa.

Mabatire awiriwo alembedwa 12V 200Ah, ndipo pambali pali 20HR. Atalumikizidwa motsatana amapanga mavoti 24, ndipo mphamvu yake yonse ndi 24 kuchulukitsa ndi 200, kapena kuti mayuniti 4.8. Koma awa ndi mabatire a mtovu, a jelo, ndipo amenewa sayenera kutsitsidwa kupyola theka. Wowakama mpaka kuuma tsiku ndi tsiku amawakwirira msanga. Zogwiritsa ntchito ndi 2.4 basi. Ka 20HR kaja kakunena kuti 200Ah imatuluka yonse pokhapokha batire likamakokedwa pang'onopang'ono, maampeya 10 kwa maola 20. Mukalikoka mwamphamvu limapereka zochepa. Usiku wa banja lathuli, kuphatikiza firiji ndi inveta, ukufuna mayuniti pafupifupi 1.8, choncho mabatirewa afika m'mawa, koma malo otsala ndi ochepa.

Batire nalo lili ndi tepi yake, imene ndi sikelo. Mphamvu ya batire la mtundu umenewu ili mu mtovu, ndipo mtovu umalemera. La 200Ah lenileni limakhala makilogalamu cha m'ma 55 mpaka 60 kapena kuposa, la 100Ah cha m'ma 30. Ngati mnyamata wa m'sitolo akunyamula la 200Ah yekha akuimba mluzu, mwadziwa kale. Funsaninso tsiku limene linapangidwa, popeza batire la mtovu limawonongeka likakhala miyezi yambiri pa shelefu osatchajidwa. Wogulitsa aliyeze ndi mita n'kujambula: lodzaza bwino limasonyeza cha m'ma 12.7 mpaka 12.9, ndipo latsopano losonyeza pansi pa 12.4 lagona nthawi yaitali. Zikanakhala kuti sitika yalembedwa LiFePO4 25.6V 100Ah, samu ikanasintha. Limenelo ndi la lifiyamu, mayuniti 2.56, ndipo limalola kugwiritsa ntchito magawo 8 kapena 9 pa 10, kotero limodzi lokha likanagwira pafupifupi ntchito ya awiri aja.

Kufika pano zonse zikuoneka bwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amatumiza ndalama. Vuto lili pa chithunzi chachitatu:

```
Rated power        3500VA / 3000W
DC input           24 VDC
AC output          230 VAC 50Hz
MPPT voltage range 120-450 VDC
Max PV Voc         500 VDC
```

Mizere itatu yoyambayo ilibe mlandu. Mavoti 24 akugwirizana ndi mabatire, ndipo 230 VAC 50Hz ndiwo magetsi a kuno. Inveta yochokera ku Amerika yolembedwa 120V 60Hz siyenera kulowa m'nyumba zathu. Nambala yodalira ndi ya W, osati ya VA, imene nthawi zambiri imakhala yokulirapo ndipo ogulitsa amaikonda. Onaninso kuti penapake palembedwa Pure sine wave, chifukwa mota ya firiji imatentha ndi kulira ikamapatsidwa magetsi a inveta zotchipa za Modified sine wave.

Mzere wachinayi ndiwo ukupha malonda. Inveta imeneyi imatchaja bwino kuchokera ku dzuwa pokhapokha mapanelo akuipatsa mavoti 120 kapena kuposa. Mapanelo akalumikizidwa motsatana mavoti amaphatikizana, ndiye awiri athu aja akupereka 41.9 kawiri, pafupifupi 84. Sakufika. Mmisiri adzakhoma zonse, dzuwa lidzawala tswee, koma pagalasi la inveta mbali ya sola idzangokhala ziro, mabatire n'kumatha. Eni nyumba adzanena kuti mapanelo ndi achinyengo, pamene mapanelo ndi abwino ndipo inveta nayonso ndi yabwino. Sizinapangidwe kuti zigwire ntchito limodzi pa chiwerengero chimenecho. Mapanelo atatu angapereke 126, koma mavoti a panelo amatsika ikatentha, ndiye masana enieni adzagwera pansi pa 120. Inveta imeneyi ikufuna mapanelo anayi.

Njira ina n'kusiya mapanelo awiriwo n'kusintha inveta, kutenga ya mtundu umene umalandira mavoti ochepa, monga zija zolembedwa 30-115 VDC pa mzere wa MPPT ndi 145 VDC pa Max PV Voc. Apo 84 ikulowa bwinobwino. Koma pano tcheru chikhale pa Voc, mavoti amene panelo imatulutsa isanayambe kukokedwa. Awiri akupereka 99.6. Mosiyana ndi mmene munthu angaganizire, nambalayi imakwera kukazizira, pafupifupi magawo 3 pa 1,000 pa digiri iliyonse pansi pa 25. M'mawa wa Julaye ku Dedza, dzuwa likangotuluka mapanelo ali zii, ingafike cha m'ma 105, ndipo ikadali pansi pa 145. Tsoka lili kwa amene chaka chamawa adzapeze ndalama n'kuwonjezera panelo yachitatu pa mzere womwewo: 49.8 katatu ndi 149, yadutsa kale malire kusanazizire n'komwe. Mavoti ochepa amangolepheretsa kutchaja, koma opitirira amawotcha inveta, ndipo chitsimikizo cha kampani nthawi zambiri sichilipira zoterozo.

Patsala funso limene mayi wa pakhomo adzafunse ndithu, la ketulo ndi simbi. Inveta ya 3000W ikhoza kuyatsa ketulo ya mawatsi 2,000, koma mphamvuyo ikuchokera ku mabatire a mavoti 24, amene ayenera kutulutsa maampeya pafupifupi 90. Mabatire aja anayesedwa pa maampeya 10. Kamodzikamodzi masana, mapanelo akuthandizira, angapirire. Usiku uliwonse, ayi. Pa la lifiyamu, fufuzani mzere wa Max discharge current: ngati palembedwa 50A, batire lidzazima lokha ketulo isanayambe n'kulira komwe, ndipo ngati ndi 100A lidzanyamula ketuloyo, bola firiji isadzuke nthawi yomweyo, poti mota yake poyamba imakoka kangapo kuposa mmene imakokera ikamayenda.

Kwa banja la ku Dedza lija, ine ndikanasankha kusunga inveta ya mavoti ambiriyo n'kugula mapanelo ena awiri, ngati thumba ndi denga zilola. Anayi akupereka mavoti pafupifupi 168 pogwira ntchito ndi Voc ya 199, kutali ndi malire onse awiri, ndipo mawatsi 2,200 angadzaze mabatire ngakhale kunja kuli mitambo, n'kusiyako mphamvu yositira masana. Chofunika n'chakuti mmisiri wa chiphaso cha MERA atsitse malire a maampeya otchajira pa inveta kufika cha m'ma 30 kapena 40, chifukwa mabatire a jelo a 200Ah salola kuthiridwa zonse zimene mapanelo anayi angatulutse, ndipo malire enieni amalembedwa pa batirepo kapena pa pepala lake.