Kalata yopempha ndalama pa ntchito yomanga: yambani ndi zomwe zatha

Makontirakitala ambiri akafika pa ring'i bimu amalemba motere: "Bwana, ntchito ikuyenda bwino. Chonde titumizireni K9,000,000 kuti tigule malata ndi matabwa." Mwini nyumba akawerenga amayamba kukayika, ndipo salakwa. Kalatayi ikunena za zinthu zimene kontirakitala akufuna kugula mawa, pomwe mgwirizano wolipira m'magawo umati ndalama zituluke ntchito ikaoneka. Malata ndi a gawo lotsatira.

Tinene kuti ndi nyumba ya zipinda zitatu, ndipo mitengo ya gawo lililonse inalembedwa mumgwirizano. Poilembanso kalatayi, kontirakitala atenge tepi, ayeze zomwe zamangidwa, kenaka alembe chilichonse ndi mtengo wake. Maziko ndi silabu zinatha, mtengo wake K10,000,000. Ring'i bimu yathiridwa yonse, K2,400,000.

Pa makoma m'pamene pafunika kuchita chilungamo. Mgwirizano ukuti masikweya mita 240 pa mtengo wa K30,000 iliyonse, koma magebulo, omwe ndi masikweya mita 20, sanakwere. Zomwe zamangidwa ndi 220, ndiye alembe K6,600,000, ndipo anene yekha kuti magebulo adzawerengedwa m'kalata yotsatira. Ine ndimaona kuti mzere umenewu ndi umene umagwira ntchito kwambiri m'kalata yonse. Mwini nyumba akapita pamalopo n'kupeza magebulo palibe chonsecho kalata ikuti makoma atha, amayamba kukayikira ngakhale maziko omwe analipira kale.

Ntchito yonse yomwe yachitika kuyambira tsiku loyamba yakwana K19,000,000. Pamenepo achotsepo ndalama yosungira zokonza zikadzapezeka zolakwika, imene mumgwirizanowu ndi K5 pa K100 iliyonse, kutanthauza K950,000. Achotsenso K10,000,000 yomwe analandira kale. Yotsala ndi K8,050,000, ndipo imeneyi ndiyo apemphe. Yachepa poyerekeza ndi yoyamba ija, koma mwini nyumba angathe kuiwerengera yekha pa foni yake n'kupeza yomweyo.

Kalatayi itsagane ndi zithunzi zokhala ndi madeti, makamaka za zitsulo za mu ring'i bimu asanathire konkire, chifukwa konkire ikauma palibe angaone zomwe zili m'kati. Kwa mwini nyumba yemwe ali ku Joni kapena ku Ulaya, zithunzizi ndizo maso ake.

Simenti ndi njerwa zounjikidwa pabwalo si ntchito yomwe yatha. Zilowe m'kalata pokhapokha mgwirizano ukulola, ndipo pakhale malisiti. Ngati mwini nyumba anawonjezera zenera kapena kusuntha khomo, zimenezo zikhale pamzere wakewake, pamodzi ndi deti la uthenga umene anavomerezera mtengo wake. Kumapeto kontirakitala atchule tsiku limene mwini nyumba kapena womuimira angabwere kudzayeza naye limodzi, komanso tsiku lolipira monga mgwirizano ukunenera.