AutoCAD yaulere ilipo, koma imabwera m'dzina lako

Chaka cha maphunziro chikangoyamba m'masukulu ophunzitsa zomangamanga ndi uinjiniya, ngati MUBAS ku Blantyre, fulashi imodzi imayamba kuzungulira m'mahositelo. Muli AutoCAD yokuba, ndipo woibweretsa amapereka lamulo loyamba: zimitsa pulogalamu yoteteza ku mavairasi usanaike. Lamulo limenelo palokha ndi lokwanira kukuchenjeza, chifukwa ukupereka ulamuliro wa laputopu yonse, momwe muli manambala ako achinsinsi ndi ntchito ya chaka chonse, kwa munthu amene sukumudziwa. Chondiwawa n'chakuti kampani ya Autodesk, yomwe imapanga AutoCAD, Revit, Inventor ndi Civil 3D, imapereka mapulogalamu omwewa kwa ophunzira popanda kulipira. Laisensi yake ndi ya chaka chimodzi, ndipo umaiwonjezera chaka ndi chaka malinga ngati ukadali pasukulu.

Poyambira ndi autodesk.com/education. Lemba wekha adiresiyi m'malo mofufuza, chifukwa masamba achinyengo amadziika pamwamba pa zotsatira ngati malonda. Ukatsegula akaunti, gwiritsa ntchito imelo ya kusukulu ngati uli nayo, ndipo dzina ulilembe ndendende mmene lilili m'kaundula wa sukulu. Kenako kampani ya SheerID, yomwe imagwira ntchitoyi m'malo mwa Autodesk, imatsimikiza ngati ndiwedi wophunzira. Ena amadutsa pomwepo, koma ambiri kuno kwathu amapemphedwa chikalata, ndipo apa ndi pomwe anthu amagwera ulesi n'kubwerera ku fulashi ija.

Chikalatacho chionetse zinthu zitatu pamodzi: dzina lako lonse, dzina la sukulu, ndi deti losonyeza kuti ukuphunzira panopa. Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachiwiri amene wajambula chiphaso chake cha pasukulu n'kutumiza. Dzina lilipo, chizindikiro cha sukulu chilipo, koma deti lokhalo lolembedwapo ndi la chaka chimene analowa. Amukana, osati chifukwa chomukayikira, koma chifukwa pepalalo silikunena za chaka chino. Chomwe angachite ndi kutumiza kalata yolembetsera maphunziro a teremu ino, kapena lisiti ya fizi yokhala ndi dzina lake ndi deti. Ajambule pepala lonse pamalo owala, makona onse anayi akuoneka, osadula kapena kukonza chithunzicho. Ngati pa akaunti analemba dzina lofupikitsa limene anzake amamuitanira, alikonze kaye. Yankho limabwera pa imelo, nthawi zina patapita masiku angapo, choncho asadikire sabata yopereka ntchito.

Akakuvomereza, pulogalamu uitenge mu akaunti yako pa manage.autodesk.com. AutoCAD imafuna Windows ya 64-bit, RAM yosachepera 8 GB ndi malo okwana 10 GB pa disiki. Fayilo yake ndi ya magigabaiti angapo, ndiye bandulo ya pafoni ithera panjira. Pita pa intaneti ya kusukulu laputopu ili pamoto. Usanaitsegule, dina kumanja pa fayiloyo, sankha Properties kenako Digital Signatures, uone ngati palembedwa Autodesk, Inc.  Ukaitsegula koyamba umangolowa ndi akaunti yako ija, ndipo ukhoza kujambula popanda intaneti, bola uziilumikiza kamodzi pa masiku 30 aliwonse kuti laisensi itsimikizike.

Vuto lalikulu limagwera amene anaikapo kale yokuba. Mapulogalamu oterewa amasintha mafayilo a laisensi, ndipo ena amalemba mizere yotseka njira yopita ku Autodesk mu fayilo iyi:

```
C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts
```

Chizindikiro chake n'chakuti pulogalamu yeniyeni imalowa bwinobwino, koma imakana kukulowetsa kapena imangodandaula za laisensi ngakhale intaneti ikugwira. Chotsa zonse zakale kudzera mu Control Panel, tsegula fayiloyo ndi Notepad ngati administrator, fufuta mizere yotchula autodesk, kenako fufuza mavairasi m'kompyuta yonse. Ngati yokubayo inakhalitsa, ine ndinganene kuti sunga zojambula zako kwina, uike Windows mwatsopano, usinthenso manambala achinsinsi a imelo ndi a kubanki.

Laisensi ya ophunzira ndi yophunzirira basi. Amalume akakupempha pulani ya nyumba n'kukulipira, kapena ukamagwira ntchito ya kampani pa nthawi yophunzira ntchito, waphwanya mgwirizano. Pa maganyu otere gwiritsa ntchito LibreCAD pa zojambula za pepala, kapena FreeCAD pa zinthu za mbali zitatu. Onsewa ndi aulere kwa aliyense, amalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda, ndipo amasunga mafayilo a DXF omwe AutoCAD imatsegula.