Thanki idzaza nthawi yanji? Chidebe ndi foni zikuuzani

Ambirife tikayatsa pampu timangoyembekeza kuti timve madzi akusefukira pamwamba pa thanki. Pamenepo madzi atayika kale, ndipo ngati pampuyo ndi ya petulo, ndalama nazonso zapita. Komatu nthawiyi tingathe kuidziwiratu tisanayatse n'komwe. Chofunika ndi manambala awiri: malita amene thanki imatenga, ndi malita amene paipi imatulutsa pa mphindi imodzi.

Nambala yoyamba siivuta. Thanki yapulasitiki imabwera italembedwa kale, tinene malita 5,000. Ikakhala yomanga ndi njerwa, ya makona anayi, timayeza m'kati mwake m'mamita, n'kuchulukitsa mulitali, mulifupi ndi kuya. Thanki ya mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi ndi mita imodzi kuya imatipatsa 3. Tikachulukitsa 3 ndi 1,000 tipeza malita 3,000.

Nambala yachiwiri ndiye tiyeze tokha. Tisadalire zolembedwa pa katoni ya pampu, chifukwa pampu ikamakankhira madzi m'mwamba kapena m'paipi yaitali kuchokera kunyanja, imatulutsa ochepa. Titenge chidebe cha malita 20, tichitchere pomwe paipi imathirira m'thanki, osati pafupi ndi pampu ayi, wina aziwerenga masekondi pa foni. Tiyeze katatu kuti titsimikize.

Tiyerekeze kuti chidebe chadzaza pa masekondi 40. Tichulukitse 20 ndi 60, tipeza 1,200. Tigawe 1,200 ndi 40, yankho ndi malita 30 pa mphindi. Tsopano tigawe malita a thanki ndi nambala imeneyi: 5,000 kugawa ndi 30 ndi mphindi pafupifupi 167, kutanthauza maola 2 ndi mphindi 47. Tikayatsa 9 koloko m'mawa, pofika 11:45 wina akhale ali pafupi kuti azimitse.

Nanga ngati ena akutunga pamene thanki ikudzaza? Tinene mpopi wotsukira nsomba uli chitsegulire ndipo ukutulutsa malita 10 pa mphindi. Tichotse 10 pa 30, patsala 20. Thanki yomwe ija tsopano ifuna mphindi 250, maola 4 ndi mphindi 10.

Potulutsa madzi ndiye pamene ambiri timapusitsika. Pampu imathira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma madzi otuluka okha pa mpopi wapansi amakankhidwa ndi madzi amene ali pamwamba pake. Thanki ikamatsika, mphamvuyo imachepa. N'chifukwa chake paipi ya kudimba imayamba ndi liwiro, n'kumaliza ndi dontho.

Njira yake ndi kuyeza kawiri, thanki ili yodzaza komanso itatsala pang'ono kutha. Tiphatikize manambala awiriwo n'kutenga theka lake. Tinene thanki yathu ya malita 5,000 ili pansanja yaitali mamita 4, ndipo madzi m'katimo ndi akuya mamita 2. Ili yodzaza, chidebe chikudzaza pa masekondi 48, omwe ndi malita 25 pa mphindi. Chakumapeto chikutenga masekondi 60, malita 20 pa mphindi. Theka la 45 ndi 22.5, ndipo 5,000 kugawa ndi 22.5 ndi mphindi 222. Ndiye kuti tithirira maola 3 ndi mphindi 42.

Thanki yomweyo ikakhala pansi, mpopi uli m'tsinde mwake, nkhani imasintha. Ngakhale itayambanso ndi malita 25 pa mphindi, pomaliza madzi amakhala ngati aima. Theka la 25 ndi 12.5, ndipo nthawi yake ndi mphindi 400, maola 6 ndi mphindi 40. Amene wangogawa 5,000 ndi 25 aganiza kuti amaliza pa mphindi 200, n'kuona dzuwa likulowa mizere ya tomato ya kumapeto isanamwe mokwanira.

Masamuwa amatiululiranso vuto. Thanki imene imadzaza pa maola osakwana atatu ikayamba kutenga anayi, tibwereze muyeso wa chidebe uja. Chidebe chikamachedwa kudzaza, vuto lili ku pampu kapena m'paipi: mwina sefa yatsekeka ndi ndere kapena mchenga umene mwera wavundula, mwina paipi yang'ambika panjira. Pampu ya sola nayo imafooka m'mamawa, madzulo ndi pa mitambo, choncho tiiyeze pa nthawi yomwe timaigwiritsa ntchito. Koma chidebe chikadzaza pa masekondi 40 omwe aja, madzi akuthawira kwina. Titseke mipopi yonse madzulo, tilembe chizindikiro pamene madzi alekezera. Kukacha tikapeza atsika, thanki kapena polumikizira mpopi pakudontha.