Ndakatulo ya ZOKOLOLA m'kanyuzipepala ka sukulu

Pali mtundu wa ndakatulo umene umawerengedwa njira ziwiri. Wowerenga amatsata mizere kuchokera kumanzere kupita kumanja monga mwa nthawi zonse, kenako amayang'ana zilembo zoyamba za mizereyo kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo amapeza kuti zilembozo zapanga mawu. Mawuwo ndiwo amakhala mutu wa ndakatulo yonse. Luso limeneli ndi lakale. Salimo 119 m'Chiheberi lili ndi zigawo 22, chilichonse cha mavesi 8, ndipo mavesi onse a chigawo chimodzi amayamba ndi chilembo chimodzimodzi motsata ndondomeko ya zilembo za Chiheberi. Kusukulu ndakatulo yotere imakhala yaifupi, ndipo akonzi a kanyuzipepala ka sukulu amaikonda chifukwa imakwana pakona ya tsamba. M'teremu yachitatu, imene ku Malawi imakumana ndi nyengo ya masika, mutu umene uli pafupi ndi mwana aliyense ndi zokolola.

Ntchito imayamba ndi kusankha mawu oti aimikidwe, chifukwa mawuwo ndiwo amalamula kuchuluka kwa mizere ndi chiyambi cha mzere uliwonse. Chichewa chili ndi mawu angapo okhudza nyengoyi, koma si onse amene amagwirika bwino. DZINTHU ndi KHOLOLA ali ndi chilembo cha H, ndipo mawu a Chichewa oyamba ndi H ndi ochepa zedi, moti wophunzira amakakamira pa mzere umenewo mpaka kuikapo mawu osagwirizana ndi nkhani. MASIKA ndi osavuta, koma amatchula nyengo, osati mbewu zimene zatutidwa kumunda. ZOKOLOLA ndiwo amapereka mpata wabwino: zilembo 8, kutanthauza mizere 8, ndipo chilembo chilichonse chili ndi mawu oyamba nacho.

Kalembedwe ka mawuwo kayenera kutsimikizidwa mzere woyamba usanalembedwe. Anthu ambiri amalemba kuti "zokolora". Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amaika r pambuyo pa e kapena i, monga mu "lero" ndi "ndiri", pamene l amabwera pambuyo pa a, o ndi u, komanso kumayambiriro kwa mawu. Choncho mawu oyenera ndi "zokolola". M'nkhani wamba cholakwa chotere chimangodutsa, koma pano chimagwetsa ndakatulo, pakuti mzere wachisanu ndi chiwiri ungafune mawu oyamba ndi R, amene Chichewa chilibe.

Zilembo zikalembedwa chotsika kumanzere kwa pepala, wolemba asathamangire kudzaza mizere. Chofunika choyamba ndi kusonkhanitsa zimene zimachitikadi pokolola, motsata ndondomeko yake. Mvula imakata cha mu Epulo, chimanga chimauma, mapesi amadulidwa n'kuimikidwa m'mikukwe. Kenako anthu amapita ndi madengu kukasenda makoko ndi kuthyola chimangacho, chimatutidwa pamutu kapena pa ngolo, china chimalowa m'nkhokwe chosatonola, china chimatonoledwa, kupetedwa ndi lichero n'kupita kuchigayo. Mwana wa kumudzi amazidziwa zonsezi osachita kuuzidwa, ndipo wa m'tauni akhoza kufunsa kunyumba. Ndondomeko imeneyi ndiyo msana wa ndakatulo. Popanda iyo pamatuluka ziganizo 8 zimene sizikudziwana, chilichonse chongobwera kudzakhutiritsa chilembo chake.

Nayi ndakatulo yomangidwa mwa njira imeneyi:

Zauma mbewu, mvula yakata,
Onani mikukwe ya chimanga!
Kwacha, tatenga madengu athu,
Odi kumunda, tadza ndi ngolo.
Lero nkhokwe yathu ikudzaza,
Otonola akhala pamphasa,
Lichero la mayi likupeta,
Ana tidya, njala yatsanzika.

Mizere iwiri yoyamba ikuonetsa munda, iwiri yotsatira ikuonetsa ulendo wa okolola, itatu ina ili pakhomo, ndipo womaliza ukunena chimene ntchito yonseyo yabweretsa. Mawu akuti "zokolola" sanatchulidwe m'kati mwa mizere ngakhale kamodzi. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa mawuwo aima kale kumanzere, ndipo ntchito ya mizere ndi kuonetsa zimene mawuwo akutanthauza.

Pamene pali ntchito yaikulu ndi pa O, amene akupezeka katatu. Mayina a zinthu oyamba ndi O ndi osowa m'Chichewa, ndipo ophunzira ambiri amathawira ku mawu amodzi omwewo, n'kulemba "Onani" katatu konse. Kubwereza sikoipa m'ndakatulo za Chichewa, koma m'mizere 8 yokha kumaonetsa kuti wolemba anasowa chonena. M'chitsanzo chili pamwambachi O aliyense wachokera kosiyana. "Onani" ndi mneni wolamula, woitana wowerenga kuti ayang'ane. "Odi" ndi mawu a mlendo pakhomo, ndipo kuwanena pofika kumunda kukupatsa munda ulemu wa nyumba ya munthu. Mzere umenewu ndi umene ana amaukumbukira msanga. "Otonola" ndi dzina la anthu lochokera ku ntchito imene akugwira, ndipo njira imeneyi ndi yotakata kwambiri: olima, okolola, osenza, opeta, ophika.

Njira yachitatuyi ili ndi msampha wake. Mawu oyamba ndi "o-" otere amanena za anthu ambiri, kapena munthu mmodzi wopatsidwa ulemu. Akakhala munthu mmodzi wamba, mawu amayamba ndi "wo-": wotonola, wolima. Wophunzira amene walemba kuti "Otonola wakhala pamphasa" wadula w kuti chilembo chikwane, ndipo chiganizo chathyoka. Kukonza kwake si kubwezera w, poti mzerewo ungayambe ndi chilembo cholakwika, koma kusintha mneni kuti anene za ambiri: "Otonola akhala". Mphunzitsi wa Chichewa amapeza pano mwayi wophunzitsa mgwirizano wa mawu popanda kulemba lamulo lililonse pa bolodi.

Ma L awiri sasautsa kwambiri. Pali "lero", "lichero", "lowani", "longani", "lawani". Z ndi K ndi A ali ndi mawu ochuluka moti vuto lake ndi losiyana: mawu oyamba kubwera m'mutu ndi amene sanena kanthu. Mzere wakuti "Zinthu zonse ndi zabwino" ukuyamba ndi Z, koma ungakhale m'ndakatulo ya mpira, ya ukwati kapena ya mayeso osasintha kanthu. Njira yoyesera ndi yosavuta. Mzere uwerengedwe wokha kwa munthu amene sanaone mutu. Ngati sangathe kuganiza za munda, mbewu kapena chakudya, mzerewo ulembedwenso. "Zauma mbewu, mvula yakata" umapambana mayeso amenewa chifukwa umanena mwezi wake popanda kuutchula.

Kutalika kwa mizere kumayesedwa powerenga maphatikizo, ndipo Chichewa chimafewetsa ntchitoyi chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Mzere uliwonse m'chitsanzochi uli ndi maphatikizo 10: o-to-no-la a-kha-la pa-mpha-sa. Ana akhoza kuwerenga poomba m'manja. Sikuti nambalayo iyenera kukhala 10 nthawi zonse, ndipo kusiyana kwa phatikizo limodzi kapena awiri khutu silikudandaula nako. Chimene chimamveka ndi mzere wa maphatikizo 18 pakati pa anzake a 9, chifukwa wolakatula amatha mpweya asanafike kumapeto. Kufanana kwa mamvekedwe kumapeto kwa mizere sikofunika kukusaka. Mawu ambiri a Chichewa amathera ndi a, kotero kumabwera kokha, ndipo wophunzira amene ali kale ndi chilembo choyamba chomumanga safunika chingwe chachiwiri kumapeto.

Kwa ana a Sitandade 2 kapena 3, amene amaphunzira kuwerenga pogwiritsa ntchito maphatikizo, mizere 8 ndi yambiri. Iwo akhoza kuimika ZO, KO, LO, LA, n'kulemba mizere inayi yokha:

Zokoma zapsa,
Kololani msanga,
Longani m'nkhokwe,
Lawani nsima yatsopano.

Apa vuto la O latheratu, ndipo mwana akuona yekha mmene mawu amamangidwira.

Ndakatulo yolembedwa bwino ikhoza kuonongeka pa tsamba, ndipo izi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. Kanyuzipepala ka sukulu kamakhala ndi madanga opapatiza. Mzere ukatalika kuposa danga, mawu omalizira amagwera pansi n'kuoneka ngati mzere watsopano. Ngati "ngolo" wagwa kuchoka pa mzere wachinayi, wowerenga wotsika ndi diso apeza Z, O, K, O, N, L, ndipo mawu obisika aja asokonekera. Wotaipa amene waika ndakatulo pakati pa tsamba amaononganso chimodzimodzi, chifukwa zilembo zoyamba sizikhalanso pa mzere umodzi woongoka. Mkonzi ayenera kuonetsetsa kuti mizere yonse yayambira kumanzere, kuti uliwonse wakwana m'danga, ndipo ngati sukukwana ndakatuloyo ipatsidwe malo a madanga awiri. Zilembo zoyamba zidetsedwe kapena zikulitsidwe pang'ono. Kumene kanyuzipepala kamalembedwa pamanja n'kumatidwa pa bolodi la zidziwitso, cholembera cha mtundu wina chimagwira ntchito yomweyo.

Mkonzi asamalenso pokonza mawu a mwana. Kusintha "Lichero la mayi" kukhala "Mayi ndi lichero" kungaoneke ngati kukonza kwabwino, koma kwachotsa L wachiwiri. Kusintha kulikonse kukachitika, zilembo zoyamba ziwerengedwenso kuchokera pamwamba mpaka pansi tsamba lisanasindikizidwe.

Chotsala ndi choona cha zimene zalembedwa. Si chaka chilichonse chimene nkhokwe imadzaza, ndipo m'kalasi limodzi mumakhala ana ochokera m'mabanja amene akolola matumba ambiri ndi ena amene chimanga chawo chinapserera ndi ng'amba kapena kukokoloka ndi madzi. Zilembo zomwezo zimalola nkhani yachiwiriyi. Mwana akhoza kuyamba ndi "Zapserera mbewu, dzuwa lakula", ndipo A wake womaliza akhoza kunena za ana opita kusukulu osadya. Kumadera kumene anthu amadalira mpunga, mapira kapena chinangwa, mikukwe ya chimanga ichoke, palowe zimene ana amaziona kwawo. Mkonzi wabwino amasindikiza ndakatulo zotere pambali pa zachisangalalo, ndipo pansi pa iliyonse amalemba dzina la wophunzira ndi kalasi yake.