Kuyerekeza nyengo ino ndi yapitayi

Kuyerekeza nyengo ino ndi yapitayi ndi njira yoonera ngati chinthu chakwera kapena chatsika poika chiwerengero cha sabata, mwezi kapena chaka chino pambali pa cha nyengo yofanana nayo yomwe inatha. Njirayi imagwiritsidwa ntchito powerengera malonda, misonkho, mvula ndi mitengo ya zinthu. Mapulogalamu a pakompyuta monga Microsoft Excel ndi Google Sheets atha kumachita okha ntchitoyi tsiku lililonse, potengera deti la tsikulo. Vuto lalikulu limabwera pamene nyengo ino isanathe, chifukwa masiku ochepa sangapikisane ndi mwezi wathunthu.

## Kawerengedwe kake

Pofuna kupeza kusintha, timachotsa chiwerengero chakale pa chatsopano, kenako n'kugawa zotsalazo ndi chiwerengero chakalecho. Tikachulukitsa yankho ndi 100, timapeza maperesenti. Masamuwa amapereka yankho loona pokhapokha ngati nyengo ziwirizo n'zotalika mofanana. Choncho lamulo loyamba ndi lakuti nyengo yakale idulidwe pamalo omwe nyengo yatsopano yafika. Ngati mwezi uno wafika pa 12, mwezi watha uwerengedwenso kuyambira pa 1 mpaka pa 12.

## Chitsanzo cha golosale ya ku Mzuzu

Tiyerekeze kuti pali golosale ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, yomwe imatsegula masiku onse kupatula Lamlungu. Manambala a ndalama otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma masiku ake ndi a kalendala yeniyeni ya 2025.

M'mwezi wonse wa Malichi, golosaleyi inagulitsa katundu wa K3,100,000. Pofika madzulo a pa 12 Epulo, malonda a Epulo anali K1,320,000. Mwini golosale akayerekeza manambala awiriwa momwe alili, aona ngati malonda atsika ndi pafupifupi 57 peresenti, ndipo mwina achepetsa katundu wooda popanda chifukwa. Apa wayerekeza masiku 12 ndi masiku 31.

Akatsegula kaundula wa Malichi n'kuwonkhetsa masiku 12 oyamba okha, apeza K1,200,000. Kusiyana kwake ndi K120,000, ndipo akagawa ndi K1,200,000 apeza kuti malonda akwera ndi 10 peresenti.

Komabe nkhani siinathere pomwepo. M'chaka cha 2025, masiku 12 oyamba a Malichi anali ndi Lamlungu kawiri, pa 2 ndi pa 9, pomwe a Epulo anali ndi Lamlungu kamodzi, pa 6. Ndiye kuti golosale inatsegula masiku 10 mu Malichi ndi masiku 11 mu Epulo. K1,200,000 kugawa ndi 10 ndi K120,000, ndipo K1,320,000 kugawa ndi 11 ndi K120,000 yomweyo. Malonda a patsiku sanasinthe. Kukwera kuja kunabwera chifukwa cha tsiku limodzi loonjezera.

## Kukonza kuti kompyuta iziwerengera yokha

Madeti a malonda akhale mumzere wotsika A ndipo ndalama zikhale mumzere B. Timabokosi tinayi totsatirati timapeza malire a nyengo ziwirizo:

```
D1: =TODAY()-1
D2: =EOMONTH(D1,-1)+1
D3: =EDATE(D1,-1)
D4: =EDATE(D2,-1)
```

D1 ndi dzulo. Timayambira dzulo chifukwa tsiku la lero nalonso silinathe, ndipo malonda a m'mawa okha angatsitse chiwerengero. D2 ndi tsiku loyamba la mwezi womwe dzulo lili. D3 ndi D4 ndi madeti omwewo titabwerera m'mbuyo mwezi umodzi. Kenako timawonkhetsa ndi kuyerekeza:

```
D5: =SUMIFS(B:B,A:A,">="&D2,A:A,"<"&D1+1)
D6: =SUMIFS(B:B,A:A,">="&D4,A:A,"<"&D3+1)
D7: =(D5-D6)/D6
```

Pa 13 Epulo 2025, D5 ipereka K1,320,000, D6 ipereka K1,200,000, ndipo D7 ikhala 0.1, kutanthauza 10 peresenti. M'mawa mwake D1 ndi D3 asuntha okha ndi tsiku limodzi. Mawu oti `"<"&D1+1` amathandiza pamene deti lalembedwa pamodzi ndi ola, kuti malonda a madzulo a tsiku lomaliza asasiyidwe.

## Zomwe zimasokoneza

Miyezi siifanana kutalika. `EDATE` ikabwerera kuchoka pa 29, 30 kapena 31 Malichi 2025, imafika pa 28 Febuluwale, motero kumapeto kwa Malichi masiku 31 amayerekezedwa ndi masiku 28. Ikabwerera kuchoka pa 30 Epulo imafika pa 30 Malichi, ndipo malonda a pa 31 Malichi amasiyidwa kunja. Njira yothetsera mavuto awiriwa ndi yomwe taona pa golosale ija, yogawa ndalama ndi masiku omwe ntchito inagwiridwa.

Vuto lina ndi kuchedwa kulemba. Ngati malisiti a masiku awiri apitawa sanalowetsedwe, mwezi uno uoneka wotsika nthawi zonse. Chizindikiro chake n'chakuti chiwerengero cha tsiku lomwe linadutsa kale chimakwerabe pakapita masiku. Zikatero, D1 ikhale tsiku lomaliza lomwe malisiti ake onse analowa. Ngati mwezi watha munalibe malonda, D7 ionetsa `#DIV/0!` chifukwa nambala siigawidwa ndi ziro.

## Mmene zimaonekera m'Malawi

Msika wa fodya ndi chitsanzo chodziwika bwino. Fodya amagulitsidwa ku Mzuzu, ku Kanengo mu Lilongwe, ku Chinkhoma m'boma la Kasungu ndi ku Limbe. Msika uli mkati, bungwe la Tobacco Commission limalengeza makilogalamu ogulitsidwa, ndalama zomwe zapezeka m'madola a ku America, ndi mtengo wapakati pa kilogalamu, poyerekeza ndi nthawi ngati yomweyo chaka chatha. Misikayi siitsegulidwa tsiku limodzi, ndipo deti lotsegulira limasintha chaka ndi chaka. Pachifukwachi, kuwerenga masabata kuchokera tsiku lomwe msika unatsegulidwa kumapereka chithunzi cholondola kusiyana ndi kufananitsa madeti a pakalendala. Kusankha kuyerekeza ndi chaka chatha m'malo mwa mwezi watha kumathandizanso pa malonda onse oyendera nyengo, chifukwa ndalama m'matumba mwa alimi zimachuluka nthawi yokolola ndi kugulitsa.

Chaka cha boma chachuma chinakumananso ndi vutoli. Kale chinkayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, koma kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Pofuna kusintha, chaka cha 2021/22 chinakhala ndi miyezi isanu ndi inayi yokha, kuyambira Julayi 2021 mpaka Malichi 2022. Aliyense woyerekeza bajeti kapena misonkho ya chakacho ndi ya zaka zoyandikana nacho ayenera kutenga miyezi yofanana mbali zonse, apo ayi aona kugwa ndi kukwera komwe kunalibe.

Mphamvu ya ndalama nayonso imasintha yankho. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wambiri inakwera. Sitolo itha kuona ndalama zambiri kuposa chaka chatha pamene matumba a shuga kapena mabotolo a mafuta ophikira omwe yagulitsa ndi ochepa. N'chifukwa chake ndi bwino kuyerekeza kuchuluka kwa katundu pamodzi ndi ndalama zake.