Fani Siziziritsa Chipinda, Imaziziritsa Munthu

Mu Okutobala dzuwa likafika poswa mtengo, ambiri amasiya fani ikuzungulira tsiku lonse m'chipinda chopanda munthu kuti madzulo akapeze mozizira. Akabwerako amapeza muli chifundizi chomwe chija, mayunitsi a magetsi atapita pachabe. Chifukwa chake n'chakuti fani sichotsa kutentha m'chipinda. Imangoyendetsa mpweya, ndipo mota yake imawonjezerako kutentha pang'ono.

Nanga bwanji tikakhala pansi pake timamva kuzizira? Yankho lili pakhungu. M'kati mwa thupi mumatentha pafupifupi madigiri 37, pomwe khungu limakhala cha m'ma 33 kapena 34. Munthu akakhala phee, thupi limafunditsa kampweya kochepa komwe kamalikuta ngati chofunda chosaoneka. Mphepo ya fani imakankha kampweya kofundako, n'kubweretsa kena kozizirirapo kuti katenge kutentha kwina.

Chachiwiri ndi thukuta. Madzi akamauma amatenga kutentha kwa chinthu chomwe ali pamwamba pake. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira bwino, makamaka mtsukowo ukakhala pamalo opita mphepo. Thupi nalonso limachita ngati mtsuko: mphepo imaumitsa thukuta msanga, khungu n'kuzizira. Munthu amamva ngati kutentha kwatsika ndi madigiri awiri kapena atatu, pomwe chipinda sichinasinthe.

Tiwerengere mtengo wake. Fani ya mawatsi 60 ikayenda maola 10 imadya gawo la 0.6 la yunitsi imodzi. Pamwezi wa masiku 30, amenewo ndi mayunitsi 18. Ngati theka la maolawo m'chipindamo munalibe munthu, mayunitsi 9 atayika. Potuluka, zimitsani.

Tsopano za mbali yozungulira. Mapiko a fani ya kudenga sakhala athyathyathya. Amapendekeka pang'ono, mbali ina ili m'mwamba, ina m'munsi. Mbali yokwera ikamatsogola, phiko limakankhira mpweya pansi. Mbali yotsika ikamatsogola, limaukokera kudenga.

Nyengo yotentha timafuna mphepo itiwombe, choncho mpweya uyenera kutsika. Pa mafani ambiri izi zimachitika ikamazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, mukaiyang'ana muli pansi pake. Musadalire maso okha. Imani pansi pa faniyo mutanyamula kapepala kopepuka. Ngati mukumva mphepo kumaso ndipo kapepalako kakuweramira pansi, zili bwino. Ngati ikuthamanga koma simukumva kanthu, mwina ikuzungulira chobwerera, kapena mapiko anamangidwa chozondoka.

Nyengo yozizira nkhani imatembenuka. Mpweya wofunda ndi wopepuka, choncho umakwera n'kukaunjikana kudenga, pansi pakuzizira. Fani ikamazungulira motsatira mivi ya wotchi, pa liwiro lotsikitsitsa, imakoka mpweya wozizira kupita m'mwamba, wofunda uja n'kutsetserekera pansi motsatira makoma popanda kukuwombani. Izi zimathandiza m'chipinda cha denga lalitali chomwe muli hita kapena moto wa pachumuni, monga m'nyumba zina ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi. Ngati mulibe chotenthetsa chilichonse, phindu lake n'lochepa. Ndi bwino kungoizimitsa.

Mafani ena ali ndi kaswichi pambali pa mota, ena amasinthidwa ndi rimoti. Zimitsani kaye, mapiko aime, ndiye musinthe. Koma mafani ambiri otsika mtengo alibe kaswichi kameneka. Anapangidwa kuti azingotsitsa mpweya basi. Mukaona fani ikungong'ung'udza mpaka mutaikankha ndi ndodo, kapena ikuyenda mwaulesi ngakhale pa liwiro lalikulu, kawirikawiri vuto ndi kapasita, kachipangizo kakang'ono komwe wamagetsi angasinthe osagula fani ina.

Fani ili ndi malire ake. M'nyumba yamalata yopanda siling'i, masana imatha kutsitsira pamutu panu mpweya wotentha womwe waunjikana pansi pa malata. Tsegulani mawindo kuti mpweyawo upeze potulukira. Komanso kumadera ngati Nsanje ndi Chikwawa, komwe kutentha kumafika madigiri 40, mpweya umatentha kuposa khungu. Pamenepo mphepo ya fani imabweretsa kutentha m'malo mochotsa, ndipo chotsala chokuthandizani ndi kuuma kwa thukuta kokha. Okalamba, omwe satuluka thukuta lambiri, ndi amene ali pachiopsezo chachikulu.

Tsiku loterolo musasiyire agogo fani yokha. Apatseni madzi akumwa pafupipafupi, nyowetsani chitenje muwafunditse m'mapewa, kenako yatsani fani. Madzi a m'chitenjemo akamauma adzagwira ntchito yomwe thukuta lawo likulephera.